Kumene ziro wa nambala ya foni amasowera mu fayilo ya CSV

Nambala ya foni ya m'manja kuno ku Malawi ili ndi madijiti 10, ndipo dijiti yoyamba ndi ziro. Za Airtel zambiri zimayamba ndi 099, za TNM zimayamba ndi 088. Aliyense amene walembapo mndandanda wa anthu mu Excel waonapo zimene zimachitika: ukalemba 0990000001 n'kudina Enter, m'kabokosi mumatsala 990000001. Ukamaimba foni wekha, vutoli ndi laling'ono chifukwa ziroyo umamuikapo ndi chala. Limakula pamene mndandandawo ukupita ku makina ena, monga otumizira mauthenga kwa anthu ambiri nthawi imodzi, olipirira anthu pa foni, kapena osungira mayina a ophunzira ndi makolo awo. Makina ambiri otere amafuna fayilo ya mtundu wa CSV, ndipo saganiza m'malo mwa munthu. Nambala ikaperewera, ena amaikana, ena amangoilandira uthenga n'kusapita.

Alembi ambiri amakhulupirira kuti CSV ndiyo imadya ziro. Si choncho ayi. Nthawi zambiri ziroyo amakhala atasowa kale fayilo isanapangidwe, kapena amasowa pambuyo pake, pamene munthu waitsegula kuti aone ngati yatuluka bwino. Mukadziwa malo awiriwa, ntchito yonse imaphweka.

M'kati mwa fayilo ya CSV

Fayilo ya Excel, imene dzina lake limathera ndi `.xlsx`, imasunga zinthu zambiri zimene maso saona. Imakumbukira kuti kabokosi aka ndi ka deti, aka ndi ka ndalama, aka kali ndi fomula, ndipo kolamu iyi ndi ya mawu. Fayilo ya CSV ilibe zonsezo. Ndi malemba okhaokha, mzere pansi pa mzere, ndipo pamene pakanakhala malire a timabokosi pamaikidwa mpatuliro, chizindikiro chija cha `,`. Mulibe mitundu ya utoto, mulibe mafomula, mulibenso malo olembapo kuti "iyi ndi nambala ya foni, musaikhudze". Ndi chifukwa chake pafupifupi pulogalamu iliyonse imatha kuiwerenga, komanso ndi chifukwa chake pulogalamu iliyonse imayenera kulota yokha kuti zimene yapezazo ndi chiyani.

Tiyerekeze mlembi wa kopaletivi ya alimi a mtedza ku Mchinji. Ali ndi mamembala 240, ndipo akufuna kukonza fayilo yolipirira aliyense ndalama za mtedza umene anapereka. Makolamu ndi anayi: dzina, foni, kochokera ndi ndalama. Mayina ndi manambala amene ndigwiritse ntchito pano ndi ongopeka. Fayilo yabwino, ikatsegulidwa mu Notepad, mizere yake yoyambirira iyenera kuoneka chonchi:

```
Dzina,Foni,Kochokera,Ndalama
"Banda, A.",0990000001,"Kapiri, Mchinji",25000
Nangozo,0880000002,Kamwendo,18500
```

Onani zinthu ziwiri. Maziro alipo. Ndipo kabokosi kalikonse kamene kali ndi mpatuliro m'kati mwake kakutidwa ndi mitengero, zizindikiro zija za `"`. Cholinga chathu chonse ndi kufika pa fayilo yooneka chotero, n'kuipereka osaiwononganso.

Malo oyamba: polemba

Excel inapangidwira kuwerengetsa. Ikaona kabokosi kamene muli madijiti okhaokha, imatenga kuti ndi nambala yoti iphatikizidwe kapena kuchotseredwa, ndipo pa masamu 0990000001 ndi 990000001 ndi chinthu chimodzi. Choncho imataya ziroyo nthawi yomweyo, ndipo siimusunga pena paliponse. Apa m'pamene anthu ambiri amataya nthawi. Amaona kuti ziro wapita, ndiye amasankha kolamu yonse n'kuisintha kuti ikhale `Text`, poyembekezera kuti abwerera. Sabwerera, chifukwa kulibe kumene angachokere.

Dongosolo loyenera ndi kuyamba mwauza Excel musanalembe kanthu. Dinani chilembo cha pamwamba pa kolamu ya foni, tinene B, kuti kolamu yonse isankhidwe. Dinani Ctrl ndi 1 pamodzi, ndipo pa `Format Cells` sankhani `Text`. Kuyambira pamenepo, chilichonse chimene mulembe m'kolamu imeneyo chikhala mmene mwachilemberamo. Ngati ndi nambala imodzi kapena ziwiri, mukhoza kungoyamba ndi nkhodolero, kulemba `'0990000001`. Nkhodoleroyo saoneka m'kabokosi ndipo salowa mu CSV. Ntchito yake ndi kungouza Excel kuti zotsatirazi ndi mawu. Mu Google Sheets njira yake ndi `Format`, `Number`, `Plain text`.

Mungadziwe bwanji kuti zatheka? Ngati simunasinthe kaimidwe ka malemba, mawu amatsamira kumanzere kwa kabokosi ndipo manambala owerengetsera amatsamira kumanja. Kolamu ya foni yokonzedwa bwino imatsamira kumanzere, ndipo pakona ya kabokosi kalikonse pamaoneka kachizindikiro kobiriwira kochenjeza kuti `Number Stored as Text`. Kachizindikiro kameneka kamasowetsa mtendere anthu okonda ntchito yaudongo, ndipo ambiri amadina `Convert to Number` kuti kachoke. Kudina kumeneko kumachotsa maziro onse pakamodzi. Kasiyeni kakhale, kapena sankhani `Ignore Error`.

Nanga ngati mlembi wathu walandira mndandanda umene maziro anapita kale? Ngati manambala onse ndi a m'manja a ku Malawi, kukonza n'kosavuta chifukwa onse ayenera kukhala ndi madijiti 10. M'kolamu yopanda kanthu, tinene E, alembe fomula iyi pa mzere wachiwiri n'kuikokera pansi mpaka mzere wa 241:

```
=TEXT(B2,"0000000000")
```

Maziro khumi ali m'mitengerowo akutanthauza kuti nambala iliyonse ituluke ndi madijiti 10, ndipo pamene paperewera paikidwe ziro kutsogolo. Kolamu ya E ikhale `General` polemba fomulayi, chifukwa ikakhala `Text` fomula siigwira ntchito, imangooneka ngati mawu. Akatero asinthe B kukhala `Text`, akope kolamu ya E, aike zokopazo mu B kudzera pa `Paste Special` ndi `Values`, kenako afufute E.

Koma fomula imeneyi ili ndi malire, ndipo ku maboma a m'malire ngati Mchinji, Dedza kapena Mwanza malirewo amakumana nawo msanga. Manambala a m'manja a ku Mozambique ali ndi madijiti 9 ndipo sayamba ndi ziro. A Vodacom amayamba ndi 84 kapena 85, a Movitel ndi 86 kapena 87. Nambala yotere ikakhala pa mndandanda, imafanana kwambiri ndi ya TNM imene yataya ziro, ndipo fomula idzaiikira ziro amene sinakhalepo naye. Mbali inayo, mwana wa membala amene ali ku Britain ali ndi nambala ya madijiti 11 yoyamba ndi 07. Ziro akachoka imatsala ndi 10, ndipo fomula idzaona ngati ili bwino n'kuisiya yoperewera. Choncho musanathamangitse fomula, sanjani kolamuyo kuyambira nambala yaing'ono kufika yaikulu, muone zimene sizikuyamba ndi 88, 98 kapena 99, ndi zimene kutalika kwake n'kosiyana. Zimenezo zikonzeni ndi manja, imodziimodzi.

Vuto loposa la ziro

Ena pofuna kuthawa nkhani ya ziro amalemba manambala ndi khodi ya dziko, 265 kutsogolo. Makina ambiri otumizira mauthenga amafunadi kalembedwe kameneka. Koma apa pali msampha woopsa kuposa woyamba uja, ndipo ndimaona kuti ndi umene uyenera kuopedwa kwambiri pa nkhani yonseyi.

Nambala ya 265990000001 ili ndi madijiti 12. Kabokosi kakakhala `General`, Excel imaonetsa nambala ya madijiti 12 kapena kuposa mwachidule cha asayansi, chonchi: `2.6599E+11`. Mu fayilo ya `.xlsx` nambala yonse imakhala ilipobe, ndipo mukadina kabokosiko mumaiona yathunthu pamwamba. Koma posunga ngati CSV, Excel imalemba zimene zikuoneka m'kabokosi, osati zimene zabisala kumbuyo. Mu fayilo mumalowa `2.6599E+11`. Amene adzaitsegule adzapeza 265990000000. Pa madijiti 12 aja amapulumuka oyambirira okha, asanu ndi limodzi akachuluka, ndipo atatu mwa iwo ndi khodi ya dziko. Mamembala makumimakumi amasanduka eni nambala imodzi. Ziro wotayika mukhoza kumubwezera ndi fomula, koma madijiti awa palibe fomula imene ingawabweze. Ngati fayilo ya `.xlsx` kulibe, ndiye kuyambiranso kufunsa anthu.

Chizindikiro cha `+` nachonso sichikhalitsa. Mukalemba +265990000001 m'kabokosi wamba, Excel imachitenga ngati chizindikiro cha masamu n'kuchichotsa. Mankhwala ake ndi omwe aja: kolamu ikhale `Text` musanalembe. Ngati manambala a 265 ali kale mu `.xlsx` ndipo akuoneka ndi `E+11`, musasunge CSV musanawakonze. Gwiritsani ntchito `=TEXT(B2,"0")` m'kolamu ina, ndipo atuluka athunthu ngati mawu. Dziwaninso kuti Excel imasunga madijiti 15 okha a nambala yowerengetsera. Nambala ya akaunti kapena ya khadi ya madijiti 16 ikalembedwa m'kabokosi wamba, dijiti yomaliza imasanduka ziro pomwepo, ngakhale mu `.xlsx` momwemo.

Si alembi a makopaletivi okha amene khalidwe la Excel lolota mitundu ya zinthu lawavutitsa. M'chaka cha 2020, komiti yopereka mayina a majini a munthu inasintha mayina ena monga MARCH1 ndi SEPT1 kukhala MARCHF1 ndi SEPTIN1, chifukwa Excel inkawasandutsa madeti m'mafayilo a akatswiri ofufuza.

Mipatuliro ndi mitengero

Tibwere ku mbali yachiwiri. Ngati mpatuliro ndiwo malire a timabokosi, chimachitika n'chiyani kabokosi kakakhala ndi mpatuliro wakewake, monga "Kapiri, Mchinji"? Yankho linalembedwa m'chikalata chotchedwa RFC 4180, chimene chinatuluka mu 2005 pofotokoza mmene mafayilo a CSV amalembedwera kawirikawiri. Lamulo lake ndi lakuti kabokosi kamene muli mpatuliro, mitengero kapena kudumpha mzere kakutidwe ndi mitengero mbali zonse ziwiri. Mitengeroyo imagwira ntchito ngati luzi pa mtolo wa nkhuni: zonse zimene zamangidwa m'kati zimanyamulidwa ngati chinthu chimodzi. Ndipo ngati m'mawumo muli kale mitengero, uliwonse umalembedwa kawiri. Kabokosi kolembedwa kuti Gulu la "Tiyese", Mkanda kamatuluka chonchi:

```
"Gulu la ""Tiyese"", Mkanda"
```

Nkhani yabwino ndi yakuti Excel, LibreOffice Calc ndi Google Sheets zonse zimachita zimenezi zokha posunga. Simuyenera kuchotsa mipatuliro m'makeyala, simuyeneranso kuika mitengero ndi manja. Mukaika nokha m'kabokosi, pulogalamu imaitenga ngati mbali ya mawu n'kuiwirikiza, ndipo mu fayilo mumatuluka mitengero itatuitatu.

Ndiye timabokosi timasweka pati? Kawirikawiri timasweka pamene munthu wapanga CSV ndi manja. Wina amalumikiza makolamu ndi fomula yonga `=A2&","&B2&","&C2&","&D2` n'kukopera zotsatira mu Notepad. Mzere wa a Banda umatuluka wopanda mitengero:

```
Banda, A.,0990000001,Kapiri, Mchinji,25000
```

Werengani mipatuliro. Ilipo isanu, kutanthauza timabokosi tisanu ndi kamodzi m'malo mwa tinayi. Makina olandira adzawerenga kuti dzina ndi Banda, foni ndi A., kochokera ndi 0990000001, ndipo ndalama ndi Kapiri. Zikatero ndi mwayi, chifukwa mzere wotere umakanidwa ndipo mumadziwa. Zimapweteka kwambiri pamene kutsetsereka kwa makolamu kwagwetsera nambala ina m'kolamu ya ndalama, makina n'kuilandira.

Kolamu ya ndalama ili ndi nkhani yakeyake. Alembi amakonda kuti ndalama zizioneka bwino, 25,000 kapena K25,000.00. Popeza Excel imalemba zimene zikuoneka, mu CSV mumalowa `"25,000"` ndi mitengero yake. Malinga ndi lamulo lija fayiloyo ili bwino, koma makina ambiri olandira amafuna madijiti okhaokha pamenepo, ndipo 25,000 amaiona ngati mawu. Musanasunge, sinthani kolamu ya ndalama ikhale `General`, kapena `Number` yopanda `Use 1000 Separator`, kuti mutuluke 25000. Chimodzimodzi kudumpha mzere m'kati mwa kabokosi ndi Alt ndi Enter: lamulo limalola, koma makina ena osavuta amawerenga mzere uliwonse ngati munthu watsopano. Ndi bwino kuti keyala ikhale pa mzere umodzi.

Palinso vuto limene limabwera ndi kompyuta yeniyeniyo. Excel ya pa Windows siisankha yokha chizindikiro cholekanitsira. Imatenga chimene chaikidwa pa `List separator` m'makonzedwe a dera. M'mayiko amene amalemba mpatuliro pa madesimo, monga 12,5 m'malo mwa 12.5, chizindikiro cholekanitsira chimakhala `;`. Kompyuta yokonzedwera Chipwitikizi, monga zambiri za ku Tete ndi madera ena a Mozambique, imachita zimenezi, ndipo yokonzedwera South Africa nayonso nthawi zambiri imatero. Laputopu imene m'bale wabweretsa kuchokera ku Joni ikhoza kutulutsa fayilo yotere ngakhale mwasankha `Comma delimited`:

```
Banda, A.;0990000001;Kapiri, Mchinji;25000
```

Apa Excel sinaike mitengero chifukwa kwa iyo mpatuliro si malire. Chizindikiro chodziwira msanga ndi chakuti pa kompyuta yotere mafomula nawonso amafuna `;`, moti `=TEXT(B2,"0")` amakanidwa mpaka mutalemba `=TEXT(B2;"0")`. Chimene anthu amathamangira ndi kutsegula fayilo mu Notepad n'kusintha `;` aliyense kukhala `,` ndi `Replace All`. Musatero. Zotsatira zake ndi mzere wosweka uja taona pamwambapa, ndipo mizere imene inalibe mpatuliro idzaoneka bwinobwino, zimene zimabisa vutolo. Njira yoyenera ndi kupita ku `Control Panel`, `Region`, `Additional settings`, kuika `.` pa `Decimal symbol` ndi `,` pa `List separator`, kutseka Excel, kuitsegulanso ndi kusunga CSV yatsopano kuchokera ku `.xlsx`. Ngati kompyutayo si yanu ndipo simukufuna kuisintha, LibreOffice Calc imakulolani kusankha nokha. Posunga chongani `Edit filter settings`, ndipo pa `Field delimiter` ikani mpatuliro.

Kusunga

Makolamu akakonzeka, yambani mwasunga fayilo ya `.xlsx`. Imeneyi ndiyo fayilo yaikulu, ndipo kusintha kulikonse kwa m'tsogolo kuzichitikira mmenemo. Kenako pitani ku `File`, `Save As`, ndipo pa mtundu wa fayilo sankhani `CSV UTF-8 (Comma delimited)`. Mtundu umenewu umasunga bwino zilembo monga ŵ wa m'mawu akuti Malaŵi kapena ã wa m'mayina a Chipwitikizi. Mtundu wakale wa `CSV (Comma delimited)` ukhoza kusandutsa ŵ kukhala w wamba kapena `?`. Excel idzachenjeza kuti shiti imodzi yokha, imene muli pomwepo, ndiyo isungidwe. Ndi mmene CSV ilili, choncho onetsetsani kuti mwaima pa shiti yoyenera. Mukamaliza tsekani Excel.

Mlembi wosamala amayesa kolamu ya foni asanasunge. Fomula iyi, yolembedwa m'kabokosi kapadera, imawerenga manambala amene kutalika kwake si madijiti 10:

```
=SUMPRODUCT(--(LEN(B2:B241)<>10))
```

Yankho likhale 0. Likakhala 7, pali mizere isanu ndi iwiri yofunika kuiona. Mwina ndi ziro wosowa, mwina ndi mpata umene unatsala kumapeto kwa nambala, mwina ndi manambala awiri m'kabokosi kamodzi. Kabokosi ka fomulayi kafufuteni musanasunge CSV, chifukwa yankho lake nalo lingalowe mu fayilo.

Malo achiwiri: potsegula

Apa m'pamene ntchito yabwino imawonongekera. Mlembi wachita zonse molondola, fayilo ili bwino. Pofuna kutsimikiza, akuidina kawiri. Windows ikuitsegula mu Excel, ndipo popeza CSV siinena mitundu ya timabokosi, Excel ikulotanso ngati poyamba paja. Maziro akuchoka, manambala a 265 akusanduka `E+11`. Mlembi akuona ngati kusunga kwalephera, pamene pa nthawiyi fayilo ili bwinobwino, ndipo chimene chasintha ndi zimene Excel ikumuonetsa basi. Koma akangodina `Save`, kapena kuvomera kusunga potseka, Excel imalemba zoonekazo pamwamba pa fayilo yabwino ija. Kuwonongeka kwenikweni kumachitika pa kudina kumeneko.

N'chifukwa chake fayilo ya CSV iyenera kuyesedwa mu Notepad. Dinani fayiloyo ndi batani lakumanja la mbewa, sankhani `Open with`, kenako Notepad. Pulogalamu imeneyi siilota kanthu, imaonetsa zilembo mmene zilili. Mlembi wathu aone ngati manambala akuyamba ndi ziro. Adine Ctrl ndi F n'kufufuza `E+`, ndipo asapeze kanthu. Aone mzere wa a Banda ngati mitengero ilipo, ndi ngati cholekanitsira ndi `,` osati `;`. Kenako atsikire kumapeto. Mamembala 240 ndi mzere wa mitu ndi mizere 241. Ikaposa, mwina muli keyala yodumpha mzere, kapena kumapeto kuli mizere ya `,,,` yokhayokha, imene imabwera ngati timabokosi tapansi tinagwiritsidwapo ntchito kale. Imeneyo ikhoza kufufutidwa mu Notepad momwemo.

Ena amaganiza kuti kukuta nambala ya foni ndi mitengero mu CSV kungaiteteze. Kwa Excel sikuthandiza: `"0990000001"` imatayabe ziro ikatsegulidwa ndi kudina kawiri, chifukwa mitengero imangosonyeza malire a kabokosi, siinena kuti ndi mawu. Palinso njira imene imafala yolemba `="0990000001"` mu fayilo. Imeneyi imagwiradi ntchito mu Excel, chifukwa Excel imaiona ngati fomula yotulutsa mawu. Koma makina otumizira mauthenga kapena olipirira sadziwa mafomula, ndipo adzawerenga `=` ndi mitengeroyo ngati mbali ya nambala. Ine sindingailimbikitse pa fayilo iliyonse imene ikupita ku makina ena.

Nthawi zina pamafunikadi kutsegula CSV mu Excel, makamaka ikakhala yochokera kwa ena. Njira yake ndi kuilowetsa, osati kuidina. Tsegulani Excel yopanda kanthu, pitani ku `Data`, kenako `From Text/CSV`, sankhani fayiloyo. Pa zenera limene libwere, pa `Data Type Detection` sankhani `Do not detect data types`, muone ngati maziro akuoneka, ndiyeno dinani `Load`. Makolamu onse alowa ngati mawu, ndipo ya ndalama mukhoza kuisintha pambuyo ngati mukufuna kuwerengetsa. Mu LibreOffice Calc zenera la `Text Import` limabwera lokha nthawi zonse. Dinani mutu wa kolamu ya foni n'kusankha `Text` pa `Column type`. Mu Google Sheets gwiritsani ntchito `File`, `Import`, ndipo chotsani chongo pa `Convert text to numbers, dates, and formulas`.

Kuyambira mu 2023, Excel ya Microsoft 365 ili ndi malo ozimitsira khalidweli. Pa `File`, `Options`, `Data`, pansi pa `Automatic Data Conversion`, mukhoza kuchotsa chongo pa `Remove leading zeros and convert to a number`. Ndi chinthu chabwino ndipo ndi choyenera kuchita. Koma chimateteza kompyuta yanu yokha. Maofesi ambiri akugwiritsabe ntchito Excel yakale imene ilibe malo amenewa, ndipo fayilo ya kopaletivi siithera pa kompyuta imodzi. Imadutsa kwa msungichuma kuti aone ndalama, kwa wapampando kuti avomereze, mwinanso kwa wa pasitolo yosindikizira mapepala. Aliyense wa iwo akhoza kuidina kawiri, kukonza dzina limodzi, n'kudina `Save`.

Choncho kwa anthu ofuna kuona ndi kuvomereza, mlembi atumize `.xlsx` kapena PDF. CSV aipange pomaliza penipeni, zonse zitavomerezedwa, ndipo ichoke pa kompyuta yake kupita ku makina olandira popanda kudutsa m'manja mwa wina. Ngati makinawo ndi achilendo, ayambe ndi fayilo yaing'ono ya mizere itatu ya anthu a mu komiti, umodzi mwa iyo ukhale ndi mpatuliro m'keyala, aone ngati uthenga wafika ndiponso ngati keyalayo yalowa yathunthu m'malo ake. Si makina onse amene amatsata lamulo la mitengero, ndipo akapezeka kuti awa satsata, pamenepo m'pamene mipatuliro ya m'makeyala iyenera kuchotsedwa, mu kope la `.xlsx`, CSV n'kupangidwanso. Membala akabwera mawa lake kudzanena kuti anasintha nambala, mlembi akonze mu `.xlsx`, afufute CSV yakale, atulutse ina ndi kuiyesanso mu Notepad asanaitumize.